Funso la malikisi 4 landivuta: konsitityushoni imachepetsa bwanji mphamvu za boma?

Madamu Namakhwa: Mwaswera bwanji nonse. Thandizeni kuno. Ndili ndi sitandade 7 chaka chino mbali ya Chisitu kuno, ndiye Lachisanu ndinawapatsa katesiti, funso limodzi linali loti afotokoze mwachidule mmene malamulo aakulu a dziko amachepetsera mphamvu za boma, malikisi 4. Ana 63, koma amene ndingati anayankha zomveka sakwana 10. Ambiri alemba kuti konsitityushoni imaletsa kuba, imaletsa kumenyana, wina walemba kuti imatiuza kuti tizimvera boma. Ndakhala ndi mapepalawa usiku wonse mpaka ndayamba kuona kuti mwina vuto ndi mmene ndinaphunzitsira ineyo. Ndikufuna yankho lalifupi, mizere inayi kapena isanu, loti mwana alimvetse kaye mu Chichewa kenako tikalitembenuze limodzi mkalasi poti mayeso amalemba mchizungu

Sala Chimenya: Madamu izi ndi zosavuta, auzeni kuti boma lili ndi nthambi zitatu, ya pulezidenti ndi nduna zake, nyumba ya malamulo, ndi makhothi. Basi. Atatuwo ndi malikisi atatu kale, lachinayi awonjezere maufulu. Ine ndimatero chaka chilichonse ana amakhoza

Madamu Namakhwa: Nthambi zitatuzo amazidziwa sala, amaziimba ngati nyimbo. Koma funso likuti imachepetsa BWANJI. Mwana akangotchula nthambi zitatu sanandiuzebe kuti mphamvu yachepa pati

A Makwinja: Mwana wanga, ndisanayankhe ndikufunse, pophunzitsa unapereka chitsanzo chanji?

Madamu Namakhwa: Ndinati ili ngati malamulo a pasukulu bambo, oti tisachedwe, tivale yunifomu, tisamenyane

A Makwinja: Eya, ndi pamenepo. Anawo sanalakwe, akubwezera zomwe unawapatsa. Malamulo a pasukulu amapangidwa ndi akuluakulu kuti amange ana, ndiye mwana akamva kuti konsitityushoni ili choncho amaganiza kuti boma ndi ahedi, ife anthu ndi ana a sukulu, malamulowo ndi otimanga ifeyo. Koma pa funso lakoli womangidwa ndi boma. Inenso ndinaphunzitsa molakwika chonchi zaka zingapo ndili ku Thekerani ndisanazindikire. Ukafuna kugwiritsabe ntchito sukulu, uwafunse kuti kodi alipo malamulo amene amamanga ahedi? Kodi ahedi angatenge ndalama za chitukuko cha sukulu okha popanda komiti? Ana amadziwa kuti ayi. Yambira pamenepo

Madamu Namakhwa: Iii zoonadi, ndiye ndinawatembenuza ndekha

Bambo Likoswe: Pepani ndalowa mochedwa netiweki kuno ku Limbuli imavuta, nthawi zina foni imakoka ya ku Mozambiki. Ngati ndi nkhani ya konsitityushoni ine ndili nayo yathu ya banki mkhonde yolemba bwino masamba atatu, ili ndi zonse chindapusa cha ochedwa, chiwongola dzanja, masiku ogawana, nditha kujambula ndikutumizireni mungosintha maina

Sala Chimenya: Achimwene si ya gulu ayi, tikunena ya dziko

Bambo Likoswe: Oo pepani ndinangowerenga mutu wokha

Yamikani: A Likoswe musachoke kaye, mwabweretsa chinthu chabwino. Bokosi lanu la ndalama lili ndi maloko angati?

Bambo Likoswe: Atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, bokosilo limagona kwa wachinayi amene alibe kiyi ngakhale imodzi, tcheya naye alibe kiyi

Yamikani: Ndiye tcheya akafuna kubwereka ndalama usiku mwachinsinsi?

Bambo Likoswe: Sizingatheke, mpaka onse atatu abwere ndipo timatsegula pamaso pa gulu. Tinalemba choncho poti gulu lathu loyamba linatha chifukwa munthu mmodzi ankasunga zonse, kope, kiyi ndi bokosi lomwe

Yamikani: Madamu Namakhwa, chimene mukusowa pa nthambi zitatu zija ndi chimenechi. Ana ambiri mkalasi mwanumo amayi awo ali mu banki mkhonde, bokosi la maloko atatu analionapo. Kungowerenga kuti nthambi zilipo zitatu sikuyankha funso, mwana anene kuti nthambi imodzi singamalize chinthu yokha. Mwachitsanzo pulezidenti ndi nduna akafuna msonkho watsopano sangangolengeza pa wailesi nkuyamba kutolera, konsitityushoni imati msonkho ukhalepo pokhapokha pali lamulo, ndiye kiyi ina ili ndi aphungu. Bajeti chimodzimodzi, nduna ya zachuma imabweretsa koma ovomereza ndi aphungu. Ndipo aphungu nawo akapanga lamulo lotsutsana ndi konsitityushoni, kiyi yachitatu ili ku khothi, khothi litha kunena kuti lamuloli ndi lopanda ntchito. Zimenezo zili pa gawo 5, limanena kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi konsitityushoni chilibe mphamvu, pa mbali yosemphanayo. Ine ndimagwira ntchito yothandiza anthu pa nkhani za malamulo mmidzi, si ndine loya, koma gawo limeneli ndi limene ndimayambira nthawi zonse

Sala Chimenya: Chabwino koma tinene zoona, majaji amasankhidwa ndi pulezidenti yemweyo. Ndiye kiyi yachitatuyo ili mthumba mwa tcheya basi. Ndichifukwa ine ndimangowapatsa nthambi zitatu osapita patali

Yamikani: Mwalondola theka sala. Amasankhadi pulezidenti koma osati yekha. Jaji wamkulu amayenera kuvomerezedwa ndi nyumba ya malamulo, aphungu awiri mwa atatu aliwonse mwa amene alipo ndipo akuvota. Majaji enawo amadutsa ku komishoni yoona za makhothi, ndi imene imapereka maina. Koma chachikulu ndi ichi, akangolowa ntchito pulezidenti sangamuchotse chifukwa wagamula zomwe iye sakonda, pali njira yake yaitali. Kuika munthu pa mpando ndi kumuchotsa ndi mphamvu ziwiri zosiyana. Sindikuti zonse zimayenda bwino ayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma kunena kuti kiyi ili mthumba ndiye mwapitirira

Sala Chimenya: Ndamva, koma ndikuonabe kuti munthu amene wakupatsa ntchito umamuchitira manyazi

A Makwinja: Inu achinyamata mukukangana za kiyi poti munabadwa maloko alipo kale. Ine ndinayamba uphunzitsi bokosi lilibe loko. Konsitityushoni inalipo nthawi imeneyo musaganize kuti kunalibe, ya 1966, koma inkanena yokha kuti chipani ndi chimodzi, ndipo mu 1971 a Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wa muyaya, mwalamulo. Munthu ankatha kutengedwa nkukatsekeredwa ku Mikuyu zaka popanda kuonekera ku khothi, ndipo malamulo ankalola. Katundu wa munthu ankatha kulandidwa, malamulo ankalola. Pa msika pa Luchenza pompa sunkalowa wopanda khadi la chipani. Ndiye ndimati ndikamva mwana akulemba kuti konsitityushoni imatiuza kuti tizimvera boma mtima umandiwawa, chifukwa si konsitityushoni iliyonse imene imachepetsa mphamvu za boma. Ya 1994 ija inalembedwa anthu atangovota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 kuti akufuna zipani zambiri, ndipo olembawo ankakumbukira zimene ndatchulazi chimodzichimodzi. Panali wa muyaya, anaika malire a materemu awiri a zaka zisanuzisanu. Panali kutsekera anthu popanda mlandu, anaika maola 48. Panali kulanda katundu, anaika kuti boma likafuna malo ako pa ntchito yothandiza anthu likudziwitse ndipo likulipire, ndipo uli ndi ufulu wokadandaula ku khothi. Ukawaphunzitsa choncho, bala ndi mankhwala ake, mwana saiwala

Madamu Namakhwa: Bambo izi ndalemba mkope. Koma mu mizere inayi sizikwana zonsezi

A Makwinja: Sizikwana ndipo zisakwane. Zimenezi ndi za mkalasi, za pa pepala asankhe ziwiri

Mayi a Tadala: Pepani aphunzitsi ine ndine wa komiti chabe koma apa pa maola 48 pandikhudza. Mwana wanga wamkulu amapalasa kabaza, chaka chatha anamugwira Lachiwiri mmawa cha mma 9 koloko pa nkhani ya njinga yomwe anagula kwa munthu osadziwa kuti inali yobedwa. Anakhala mchitokosi pa polisi ina mpaka Lolemba sabata yotsatira, ku khothi sanapiteko, ine tsiku ndi tsiku kunyamula nsima kuyenda wapansi, kenako anangomutulutsa atapezeka wogulitsa uja. Ndiye Tadala ali mu 7 momwemo, anaona zonsezi ndi maso ake, mukamuuza kuti boma silingasunge munthu kupyola maola 48 akuyang'anani bwanji? Adzati aphunzitsi akunama

Madamu Namakhwa: Mayi pepani kwambiri, sindinkadziwa

Yamikani: Pepani mayi. Tiyeni tiwerengere limodzi poti aphunzitsi ambiri amaphonya pomwepa. Gawo 42 limati munthu akamangidwa aonekere ku khothi msanga, pasapyole maola 48, akauzidwe mlandu wake kapena chifukwa chomusungirabe, apo ayi atulutsidwe. Koma maola 48 akathera nthawi yoti khothi silikugwira ntchito, amadikira tsiku loyamba limene khothi likhale. Ndiye wogwidwa Lachisanu 3 koloko masana, maola ake amatha Lamulungu 3 koloko, khothi kulibe, akaonekera Lolemba lamulo silinaphwanyidwe. Koma mwana wanu anagwidwa Lachiwiri 9 koloko, maola ake anatha Lachinayi 9 koloko mmawa, tsiku la ntchito ngati silinali holide. Kuyambira pamenepo mpaka Lolemba ankasungidwa mosatsata lamulo. Munali ndi ufulu wopita kwa majisitireti kapena kwa a ligo edi kukanena kuti mwana wanga wapyola maola 48, ndipo belo ya ku polisi ndi yaulere salipiritsa

Mayi a Tadala: Ine sindinkadziwa zimenezo, ndinkangopempha ngati akundichitira chifundo

Yamikani: Ndi anthu ambiri mayi si inu nokha. Ndiye kwa ine Tadala asauzidwe kuti sizichitika. Auzidwe kuti zikachitika wolakwa ndi boma, ndipo pali koti nkukanena. Kusiyana kwa nthawi ya a Makwinja ndi pano ndi kumeneko, kale wokutsekerayo anali kumbali ya lamulo, lero lamulo lili kumbali yako ngakhale iye ali ndi kiyi ya chitokosi

Sala Chimenya: Koma pa mayeso mwana asalembe kuti apolisi amaphwanya, achongi a MANEB sapereka malikisi pa zimenezo

Madamu Mulipa: Moni nonse ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Sala Chimenya apa ndikugwirizana nanu, pa pepala mwana alembe zimene lamulo limanena. Koma pali kanthu ka mawu, ine ndinasiya kuwaphunzitsa kuti boma SILINGACHITE, ndimati boma SILILOLEDWA. Mwana wa mayi a Tadala akamva kuti silingachite adzatsutsa ndipo adzakhala akulondola, akamva kuti sililoledwa palibe bodza. Mchizungu momwemonso kusiyanako kulipo ndiye potembenuza musamale

Mayi a Tadala: Apo ndiye ndavomera madamu

Madamu Mulipa: Ndiye njira yanga ya mayankho aafupi ndi iyi, ndimawauza kuti chiganizo chilichonse chiyambe ndi womangidwayo. Boma sililoledwa, pulezidenti saloledwa, apolisi saloledwa, aphungu saloledwa. Ndikamachonga ndimangoyang'ana mawu oyamba, ndikaona chiganizo chayamba ndi anthu asamachite chakuti ndimadziwa kuti mwanayu watembenuza funso, ndisanamalize nkomwe kuwerenga. Yesani pa mapepala anu 63 aja muone, mupeza kuti onse olakwa ayamba ndi anthu kapena ife

Madamu Namakhwa: Ndayang'ana khumi apamwamba, asanu ndi atatu ayambadi ndi anthu kapena tisamachite

Sala Chimenya: Ine chitsanzo chimene ndimapereka ndi mbuzi ya pa chingwe. Imadya udzu pomwe chingwe chafika basi, chimanga cha aneba siifika. Boma ndi mbuzi, chingwe ndi konsitityushoni

Madamu Mulipa: Ndinachiyesapo chimenecho ku Bvumbwe, ana anachimva msanga koma mawa lake kholo lina linabwera kwa ahedi kuti aphunzitsi akuti boma ndi mbuzi. Sindinabwerezenso

A Makwinja: Chitsanzocho chili ndi ubwino umodzi, chimaonetsa kuti chingwe sichiletsa mbuzi kudya, boma liyenera kugwira ntchito, kumanga misewu, kugwira akuba, kutolera msonkho. Koma chimasowa woyang'anira. Mbuzi ikadula chingwe ndani amaibweza? Bokosi la a Likoswe likuposa chifukwa muli anthu, wina akhoza kukana kupereka kiyi

Yamikani: Ndipo kukana kupereka kiyi kunachitikadi. Mu Julaye 2002 kunabwera bilu yoti malire a materemu achotsedwe, nthawi ya a Bakili Muluzi. Kusintha gawo ngati limenelo kumafuna aphungu awiri mwa atatu aliwonse a nyumba yonse, osati theka chabe. Ovomereza anali ochuluka kuposa okana koma sanafike pa mlingowo, anaperewera mavoti atatu okha, bilu inagwa. Mu 2004 a Muluzi sanaime. Mu 2009 atafuna kuimanso bungwe la zisankho linawakana ndipo khothi linagwirizana nalo. Apa mwana akuona zinthu ziwiri nthawi imodzi, malire a materemu, komanso kuti boma sililoledwa kungosintha konsitityushoni ngati mmene limasinthira malamulo wamba. Magawo ena monga a maufulu ndiye amafuna riferendamu, anthu eni ake avote, kupatula ngati kusinthako sikukhudza tanthauzo lake

Sala Chimenya: Bwanji osangopereka cha 2020 chomwe aliyense akuchidziwa, majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale, khothi la apilo linavomereza, tinavotanso pa 23 Juni. Palibe chitsanzo chachikulu kuposa chimenecho

Madamu Mulipa: Sala mukudziwa komwe tikukhala. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje nkhani imeneyo mmakomo ambiri ikadali yowawa, ana amabwera ndi zomwe amva kunyumba, lesoni ya mphindi 35 ithera mkangano wa zipani ndipo mawa mudzamva kuti madamu aja ndi a chipani chakuti. Ine sindingayerekeze

Sala Chimenya: Ndiye tiziwabisira mbiri ya dziko lawo chifukwa choopa makolo? Zinachitika, zili mmabuku, mwana akadzapita ku sekondale akazipeza

A Makwinja: Nonse muli ndi mfundo. Ine ndikanakhala mkalasi lero ndikanaitchula mu chiganizo chimodzi popanda dzina la munthu kapena chipani, khothi linalamula kuti chisankho chibwerezedwe ndipo chinabwerezedwa. Koma sindingakakamize mphunzitsi wachitsikana amene akukhala nyumba ya lendi pakati pa mudzi, iye ndi amene akudziwa anthu ake

Sala Chimenya: Ine ndiziphunzitsabe

Yamikani: Pali chitsanzo china chimene ndimachikonda ndipo chilibe chipani. Lamulo la vakabu lija mukulikumbuka, loti apolisi ankatha kugwira munthu chifukwa chongopezeka akuyenda usiku nkumuganizira kuti ali ndi cholinga choipa. Bambo wina wogulitsa majumbo ku Blantyre anagwidwa mbandakucha akupita ku msika ku Limbe kukayamba geni yake. Nkhani inafika ku khothi lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 majaji anagamula kuti ndime imene anamugwirira ikusemphana ndi konsitityushoni, ikuphwanya ulemu wa munthu ndi ufulu woyenda, ndiye ndi yopanda ntchito. Lamulo lakalekale lochokera nthawi ya atsamunda linagwa chifukwa cha wogulitsa majumbo. Ana athu kuno makolo awo amadzuka 4 koloko kupita kukathyola tiyi ku esiteti, ena amanyamula nthochi ndi nanazi mdima ulipo kuthamangira msika, nkhaniyi aimva ngati yawo. Chenjezo lokha, musawauze kuti vakabu yense anatha, khothi linagwetsa ndime imeneyo osati malamulo onse okhudza oyenda usiku

Bambo Likoswe: Imeneyi ndiye sindinkaidziwa, ine ndinagwidwapo vakabu ndikuchokera ku maliro kale, ndinalipira osafunsa

Madamu Namakhwa: Zikomo nonse. Ndayesa kulemba, onani ngati zili bwino. Konsitityushoni ndi lamulo lalikulu kuposa onse ndipo boma nalo liyenera kulimvera. Imagawa mphamvu ku nthambi zitatu kuti imodzi isachite zinthu yokha. Imapereka maufulu kwa anthu. Imati pulezidenti alamulire materemu awiri. Imati kuzikhala zisankho zaka zisanu zilizonse. Makhothi amateteza konsitityushoni

Madamu Mulipa: Poyambira pabwino koma mwaika mfundo zisanu ndi imodzi pa malikisi 4, ndipo zambiri mwangotchula. Onani chija mwati imapereka maufulu kwa anthu, nchoona koma boma silikuonekamo, mwana aloweza osadziwa kuti chikukhudzana bwanji ndi funso. Ufulu wa munthu ndi malire a boma, nenani mbali ya boma. Makhothi amateteza, amateteza bwanji? Pa malikisi 4 ine ndimafuna njira ziwiri, iliyonse ndi kufotokoza kwake kapena chitsanzo, malikisi awiriawiri. Funso likanati tchulani njira zinayi ndiye zanu zija zikanakwana

Sala Chimenya: Apa ndi pomwe timasiyana madamu, ine ndimawauza alembe zambiri, wochonga asankhe yekha zolondola

Madamu Mulipa: Mizere pa pepala imakhala yochepa sala, mwana wolemba zilembo zikuluzikulu mfundo yachitatu imathera mmphepete

Yamikani: Zinthu ziwiri zokha, pa materemu muike kuti a zaka zisanu, mwana wina amaganiza teremu ya sukulu ya miyezi itatu, ndinazionapo pa msonkhano wa makolo. Komanso mawu oti imapereka maufulu ine ndimakonda kuti imateteza, poti gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, olamulira amangosungitsidwa. Ukati boma kapena pepala ndi limene lakupatsa ufulu mwana aganiza kuti lithanso kulanda tsiku lililonse

A Makwinja: Kusungitsidwa, mawu ake ndi amenewo. Msungichuma wa a Likoswe ndalama si zake

Madamu Namakhwa: Ndalembanso. Konsitityushoni ndi lamulo lalikulu limene boma nalo liyenera kulimvera. Choyamba, imagawa mphamvu kuti nthambi imodzi isachite zonse yokha, mwachitsanzo pulezidenti saloledwa kukhazikitsa msonkho popanda lamulo lovomerezedwa ndi aphungu. Chachiwiri, imateteza maufulu a anthu, mwachitsanzo apolisi saloledwa kusunga munthu kupyola maola 48 osamupititsa ku khothi. Boma likaphwanya izi khothi litha kuliletsa

Madamu Mulipa: Eeh iyi ndiye ndingapereke 4 pa 4. Chiganizo chomaliza chija musachichotse ngakhale malo atachepa, ndi chimene chikuonetsa kuti mwana wamva

Yamikani: Ili bwino. Za Loweruka ndi Lamulungu zija muwauze pakamwa mkalasi, pa pepala zisalowe zitalikitsa

Sala Chimenya: Materemu awiri mwawataya? Ndi imene ana amaikumbuka msanga ija

Madamu Namakhwa: Sindinataye sala, ndiwapatsa njira zitatu mkalasi, kugawa mphamvu, maufulu, ndi materemu pamodzi ndi zisankho, aliyense asankhe ziwiri zomwe angathe kufotokoza. Sindikufuna 63 onse alembe chiganizo chimodzimodzi ngati ndakatulo

Mayi a Tadala: Madamu ngati mungalole ndibwereke bokosi la gulu lathu lopanda kanthu mukawaonetse ana, ndi Lachitatu lokha lomwe timaligwiritsa ntchito

Madamu Namakhwa: Mayi mwandithandiza kwambiri, bweretsani Lachinayi mmawa ndi maloko ake

Madamu Namakhwa: Ndabweranso ndi lipoti. Dzulo tinachita, bokosi linabwera, ndinasankha ana atatu kugwira makiyi wina kukhala pulezidenti, ndinaikamo choko. Pulezidenti anati akufuna choko chonse, wa kiyi ya aphungu anavomera msanga poti ndi mnzake amakhala desiki imodzi, koma mtsikana wa kiyi ya khothi anakana mpaka kalasi yonse inaimirira. Lero ndawapatsa funso lomwe lija, 41 ayamba ziganizo ndi boma kapena pulezidenti kapena apolisi ndipo afotokoza zomveka, 13 atchula njira koma opanda chitsanzo, otsalawo akadali pa tisamabe, ambiri ndi omwe anajomba dzulo chifukwa cha chiperoni. Vuto latsopano ndi potembenuza, mawu oti sililoledwa mchizungu akuwasokoneza ndi oti silingathe monga munanenera Madamu Mulipa, ndiye sabata ya mawa ndi imeneyo. Koma pali funso limene mnyamata wina anandifunsa ndinangoti tidzakambirana, anati madamu nanga onse atatu a makiyi akagwirizana kuba?

A Makwinja: Mwana ameneyo umusamale, wafika pa funso lenileni. Ku banki mkhonde gulu lonse limakhala pompo likuyang'ana, ndipo chaka chikatha limasankha ena. Ku dziko ndi voti, manyuzipepala ndi mawailesi, ndi anthu olankhula, ngati mmene mabishopu a Katolika anachitira ndi kalata yawo ya mu Malichi 1992 pomwe aliyense ankaopa. Koma ndisakunamize kuti zimakwanira nthawi zonse, zaka zisanu ndi zambiri kwa munthu amene akuberedwa

Sala Chimenya: Ndi zomwe ndinkanena zija za majaji

Yamikani: Si zofanana kwenikweni sala koma tidzakambirana, ndili pa minibasi ya ku Muloza chaji yatsala 4. Madamu mnyamatayo mumufunse kaye iyeyo kuti akanakhala membala wa gulu akanatani, mutiuze zomwe ayankhe

Madamu Namakhwa: Ndimufunsa Lolemba. Mayi a Tadala bokosi ndatumiza ndi Tadala, loko mmodzi akuvuta kutseka muuone Lachitatu lisanafike